Phunziro la Lamulungu: “Ambuye akhale nanu” ndi malonje a yani?

Ambiri a ife tikukhala mumzinda muno koma mchombo wathu unagwera kumudzi. Kukagwa zovuta timathamangira komweko, ndipo tikangofika, abale amatiyang'ana ngati anthu odziwa za tchalitchi. Sipapita nthawi wina amati, “Inu a kutauni, titsogolereni mapemphero.” Pamenepo ndi pamene ambiri timagwidwa njakata. Mawu amene amabwera msanga pakamwa ndi amene timawamva pa Misa Lamulungu lililonse, koma ena mwa mawuwo si athu kuwanena. Phunziro la lero likukhudza malonje ndi madalitso a pa mapemphero: tanthauzo lake, mwini wake wa mawu aliwonse, ndi zimene mkhristu wamba anganene akapatsidwa mwayi wotsogolera, ngakhale pamalo pamene pali abale athu a Chisilamu.

Malonje amene timayankha osaganiza

Pa Misa imodzi, malonje akuti “Ambuye akhale nanu” angathe kumveka kanayi. Koyamba ndi poyamba Misa, titangochita chizindikiro cha mtanda, ngakhale kuti apa wansembe ali ndi ufulu wosankha malonje ena otalikirapo ochokera m'makalata a Paulo woyera. Kachiwiri ndi tisanamve Mthenga Wabwino. Kachitatu ndi poyamba pemphero lalikulu la Ukaristia, pamene tikuitanidwa kukweza mitima yathu. Kachinayi ndi kumapeto, tisanalandire dalitso. Palinso malonje a mtendere tisanalandire Ukaristia, ndipo yankho lathu ndi lomwelo: “Akhalenso ndi mzimu wanu.”

Taonani pamene malonjewa aikidwa. Sabwera mwachisawawa ayi. Amabwera nthawi iliyonse pamene pali chinthu chachikulu choti chichitike, chimene munthu sangachichite ndi mphamvu zake: kusonkhanitsa mpingo, kulalika mawu a Khristu, kupereka nsembe, ndi kudalitsa anthu m'dzina la Mulungu. Ngakhale manja a wansembe amalankhula. Poyamba Misa, pa pemphero la Ukaristia ndi pa dalitso, iye amatambasula manja kwa anthu. Koma pa Mthenga Wabwino, dikoni kapena wansembe amanena malonjewa manja ali pamodzi. Lamulungu lino muyang'ane, mudzaona nokha.

M'chilankhulo chathu liwu lakuti “Ambuye” timaligwiritsa ntchito pambiri. Episkopi timamutchula Ambuye, ndipo m'madera ena agogo kapena malume amatchedwanso ambuye. Koma m'malonje a pa Misa, Ambuye ndi Yesu Khristu wouka kwa akufa, amene analonjeza kukhala pakati pa awiri kapena atatu osonkhana m'dzina lake, monga timawerenga pa Mateyo 18:20. Choncho wansembe sakutifunsa ngati tadzuka bwino. Akutipempherera, ndiponso akutikumbutsa kuti amene watiitana ali pakati pathu kale.

Kumene malonjewa anachokera

Mizu yake ili m'Chipangano Chakale. Pa Rute 2:4 tikupeza Bowazi, mwini munda, akufika kwa anthu ake okolola barele. Iye akuwalonjera powafunira kuti Mulungu akhale nawo, iwo n'kumubwezera pomufunira dalitso la Mulungu. Mngelo analonjera Gideoni mofananamo pa Oweruza 6:12, asanamutume kukapulumutsa Aisraele. Gabriele mngelo analonjeranso choncho Amayi Maria pa Luka 1:28, asanawauze za ntchito yobala Mpulumutsi. Kwa Gideoni ndi kwa Amayi Maria, malonjewa anatsogolera ntchito yoposa msinkhu wa munthu. Mulungu akafuna kutuma, amayamba walonjeza kukhala nawe.

Yankho lathu nalonso ndi lakale. Paulo woyera anatseka kalata yake kwa Agalatiya, ndiponso yachiwiri kwa Timoteo, potchula mzimu wa anthu amene ankawalembera. Mpingo unatenga mawuwa n'kuwaika pakamwa pa anthu. Zolemba za mapemphero a akhristu a zaka za m'ma 200 zikuonetsa kuti kuyankhana kumeneku kunalipo kale poyamba pemphero la Ukaristia. Yohane Krisostomu woyera, amene anamwalira m'chaka cha 407, anaphunzitsa akhristu a ku Antiokeya kuti potchula mzimu, anthu amavomereza kuti zimene zikuchitika pa guwa si za luso la munthu amene waimirira pamenepo, koma ndi ntchito ya Mzimu Woyera.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Tikamati “ndi mzimu wanu”, tikupempherera mphatso imene munthuyo analandira tsiku limene anasanjikidwa manja ndi episkopi. Tikunena kuti: Mulungu amene anakupatsani ntchitoyi akhale nanu pamene mukuigwira m'malo mwa Khristu. N'chifukwa chake pa mapemphero a mpingo, malonjewa ndi a episkopi, wansembe ndi dikoni okha. Episkopi ali ndi malonje akeake poyamba Misa. Iye amati “Mtendere ukhale nanu”, potsata m'mene Yesu analonjera ophunzira ake madzulo a tsiku la kuuka kwake, pa Yohane 20:19. Podalitsa, wansembe amalemba mtanda kamodzi pa anthu, koma episkopi amalemba katatu.

Wina anena kuti, “Nanga Bowazi anali wansembe?” Ayi, anali mlimi. Ndipo palibe cholakwa mayi kuuza mwana wake amene akukwera basi kuti Ambuye akhale naye paulendo. Kufunirana zabwino m'dzina la Mulungu ndi kwa wobatizidwa aliyense. Chimene Mpingo waika malire ndi ichi: kuimirira patsogolo pa anthu osonkhana kudzapemphera, kutambasula manja, n'kuyembekeza yankho lija. Pamenepo mawuwa amakhala chizindikiro cha udindo, monga m'mene mpando wa mfumu pabwalo sukhalidwa ndi aliyense, ngakhale ndi mpando wamtengo ngati ina yonse.

Pamene wansembe palibe

Kumidzi yambiri wansembe safika Lamulungu lililonse, chifukwa parishi imodzi imakhala ndi matchalitchi ambiri. M'chaka cha 1988, likulu la Mpingo ku Roma linatulutsa malangizo a mapemphero a Lamulungu popanda wansembe. Malangizowa akuti mkhristu wamba wotsogolera azichita ngati mmodzi pakati pa anzake. Asanene mawu a wansembe kapena dikoni, ndipo malonje a “Ambuye akhale nanu” atchulidwa mwachindunji. Asakhale pa mpando wa wansembe. Asanene pemphero la Ukaristia. Ndiponso wotsogolera Lamulungu azikhala munthu amene bambo mfumu anamusankha, osati aliyense amene wafika atavala bwino.

Chifukwa chake si kunyoza akatekisiti, amene asunga chikhulupiriro m'midzi yathu kwa zaka zambiri. Cholinga n'chakuti anthu asasokonezeke n'kuyesa kuti amva Misa pamene Misa sinachitike. Njala ya Ukaristia isaphimbidwe ndi chinthu chongofanana nayo.

Pa madalitso napo pali dongosolo. Buku la madalitso limene Mpingo unatulutsa m'chaka cha 1984, komanso Katekisimu wa Mpingo pa ndime 1669, zikuphunzitsa kuti chifukwa cha ubatizo, mkhristu wamba angathe kutsogolera madalitso ena: makolo kudalitsa ana awo, banja kudalitsa chakudya, katekisiti kupempherera odwala. Koma dalitso likamayandikira kwambiri ku masakramenti ndi ku moyo wa mpingo wonse, limasiyidwa kwa odzozedwa. Kusiyana kwake n'kosavuta kukumbukira. Wansembe amati “akudalitseni”, n'kulemba mtanda pa anthu. Mkhristu wamba amati “atidalitse”, n'kudzilemba mtanda yekha, pamodzi ndi onse. Wina akupereka m'dzina la Mpingo, winayo akupempha pamodzi ndi abale ake.

Tiyerekeze: usiku wa maliro kwa Nthache

Kuti zimveke bwino, tiyeni tiike zonsezi pa nkhani imodzi. Tiyerekeze kuti bambo wina wa m'parishi muno, mtsogoleri wa limana lake, kwawo ndi m'dera la Mfumu Nthache m'boma la Mwanza, komwe ndi mbali ya Arkidayosizi yathu ya Blantyre. Walandira foni kuti malume ake atisiya. Wakwera minibasi, wadutsa pa Zalewa, wafika kumudzi dzuwa litapendeka. Wansembe ali ku tchalitchi lina lakutali. Katekisiti adzatsogolera mwambo wa maliro mawa, koma usiku uno anthu achezera pasiwa, ndipo akulu a limana la pamudzipo apempha mlendoyu kuti atsegule ndi kutseka mapemphero. Pabwalo pali Akatolika, a mipingo ina, ndi alamu ake a Chisilamu amene abwera kudzakhuza.

Choyamba, ayambe wapereka ulemu wa kwathu. Azikomo kwa a mfumu, kwa eni mbumba, kwa akulu a mpingo ndi a zipembedzo zina. Izi si kutaya nthawi. Munthu amene sanalonjeredwe samva bwino zimene zikutsatira. Koma ulemuwu ubwere mapemphero asanayambe, kuti akangochita chizindikiro cha mtanda, maso onse akhale kwa Mulungu.

Chachiwiri, chizindikiro cha mtanda achite pa iye yekha, pamodzi ndi Akatolika anzake. Sayenera kuchita manyazi nacho chifukwa pali ena, ndipo sayenera kukakamiza ena kuchichita.

Chachitatu ndi malonje. Apa ndi pamene lilime limaterereka. M'malo motambasula manja n'kunena mawu a wansembe, aike manja pamodzi n'kuitana anthu kutamanda Mulungu. Angathe kunena kuti, “Abale ndi alongo, tiyeni titamande Mulungu, mwini moyo, amene watisonkhanitsa pano usiku uno.” Anthu angayankhe “Amen”. Taonani kuti akuti “tiyeni” ndi “watisonkhanitsa”. Iye ali mkati mwa gulu, sali pamwamba pake.

Chachinayi, powerenga Mthenga Wabwino, mwachitsanzo nkhani ya Lazaro pa Yohane 11, asayambe ndi malonje aja. Angoti, “Tiyeni timve mawu a Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Yohane”, n'kuwerenga.

Chachisanu ndi kutseka. Asakweze dzanja kulemba mtanda pa anthu kapena pa bokosi ngati wansembe. Anene mwachidule kuti, “Mulungu atitonthoze, atisunge usiku uno, ndipo atidalitse tonse”, n'kutchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera akudzilemba mtanda. Asanenenso mawu obalalitsa anthu amene timawamva kumapeto kwa Misa, chifukwa Misa sinachitike.

Tsono tinene kuti mapemphero atatha, agogo ena am'bweretsera kamdzukulu kodwala, n'kunena kuti, “Mwanawe, tam'dalitsa mwanayu.” Asakane. Ampempherere mwanayo, apemphe Mulungu kuti amuchize, ndipo auze agogowo kapena mayi wake kuti amulembe kamtanda pachipumi ndi chala, pakuti ndi udindo wawo ngati makolo. Pambuyo pake awakumbutse za kuchipatala. Koma wina akabwera ndi kolona yatsopano kapena botolo la madzi kuti adalitse, amuuze mwaulemu kuti zimenezo zidikire wansembe kapena dikoni.

Tingadziwe bwanji kuti zasokonekera? Zizindikiro zake n'zooneka. Anthu amayankha mokayika, ena kutsogolo ena kumbuyo, chifukwa mitima yawo yamva kuti china chake sichili m'malo. Ana amayamba kufunsa ngati kwabwera Abambo. Ndipo m'mawa mwake umamva wina akuuza mnzake kuti, “Dzulo kunali Misa pasiwa.” Ukamva zimenezi, dziwa kuti wotsogolera anavala malaya a eni.

Nanga alamu aja a Chisilamu?

Pa kalembera wa anthu wa 2018, Asilamu anali pafupifupi 14 mwa anthu 100 aliwonse m'Malawi. Ambiri a ife tili nawo m'banja, kuntchito ndi pamsika. Arkiepiskopi wathu yemwe, Ambuye Thomas Luke Msusa, anabadwira m'banja la Chisilamu ku Mangochi. Choncho funso la m'mene tingayankhire malonje awo si lachilendo kwa ife.

Malonje awo ndi “Asalamu alaikumu”, kutanthauza kuti mtendere ukhale pa inu. Yankho lake ndi “Waalaikumu salamu”, ndiye kuti ukhalenso pa inu mtenderewo. Ena amawonjezera chifundo cha Mulungu ndi madalitso ake. Korani, pa sura 4 ndime 86, imawalamula kuti akalonjeredwa abweze malonje oposa amene alandira, kapena ofanana nawo. N'chifukwa chake mumamva woyankha akutalikitsa kuposa woyamba. Mwambo wawo umanenanso woyenera kuyamba: wamng'ono alonjere wamkulu, woyenda alonjere wokhala pansi, ndipo ochepa alonjere ambiri. Mumzikiti, swala iliyonse imatha ndi malonje omwewa, wopemphera akutembenuzira nkhope kudzanja lamanja kenako lamanzere.

Pali kusiyana kwakukulu ndi malonje athu a pa Misa. “Asalamu alaikumu” si mawu a shehe yekha. Msilamu aliyense, mwana ndi wamkulu, amawanena pamsewu, pakhomo ndi mumzikiti. Koma palinso ubale umene ambiri sitiudziwa. Liwu la Chiarabu lakuti “salamu” ndi la Chihebri lakuti “shalomu” n'zochokera ku muzu umodzi. Malonje amene episkopi amatipatsa poyamba Misa, ndi amene mlamu wathu amatipatsa pachipata, onse akufunira munthu mtendere.

Kodi Mkatolika angayankhe? Inde. Kuyankha “Waalaikumu salamu” si kulowa Chisilamu, ndipo mulibe liwu lokana Khristu m'menemo. Kulowa Chisilamu kuli ndi mawu ake ena achivomerezo cha chikhulupiriro, ndipo amenewo mkhristu sanena, ngakhale mongoseka. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatikani, m'chikalata chake cha pa 28 Okutobala 1965 chonena za zipembedzo zina, unaphunzitsa kuti Mpingo umalemekeza Asilamu, amene amapembedza Mulungu mmodzi, ndipo unapempha mbali zonse ziwiri kuiwala udani wakale n'kugwirira ntchito mtendere. Yesu mwini, pa Mateyo 5:47, anafunsa kuti tikamalonjera abale athu okha, tasiyana pati ndi anthu ena onse. Amene lilime likumukanika Chiarabu angayankhe m'Chichewa kuti, “Mtendere ukhalenso ndi inu.” Mlamuyo adzamva kuti walandiridwa.

Pali zinthu zitatu zoti bambo wathu uja asamale nazo pasiwapo. Akalonjera Msilamu ndi “Asalamu alaikumu”, wina adzayankha mokwanira, wina adzangoti “Waalaikumu”. Asakhumudwe, chifukwa aphunzitsi awo amasiyana maganizo pa za kuyankha munthu amene si Msilamu. Chachiwiri, Asilamu ena sagwirana chanza ndi munthu amene si mwamuna kapena mkazi mnzawo. Adikire kuti winayo ayambe kutambasula dzanja. Akapanda kutero, kuika dzanja pachifuwa n'kuwerama pang'ono n'kokwanira. Chachitatu, akapeza mlamu wayala mkeka kuseri kwa nyumba akuswali, asamulonjere ndipo asadutse kutsogolo kwake. Adikire atembenuze nkhope kumanja ndi kumanzere, pamenepo wamaliza.

Potseka mapemphero, bambo uja asachotse dzina la Utatu Woyera pofuna kukondweretsa alendo. Maliro ndi a Mkatolika, ndipo alamuwo akudziwa kumene abwera. Ulemu weniweni ndi wakuti aliyense apemphere monga amakhulupirira, popanda kunamizana. Ndipo tikumbukire kuti malamulo a Mpingo, pa ndime 1170, amalola kuti madalitso aperekedwe kwa ophunzira za ubatizo ngakhalenso kwa amene si Akatolika, pokhapokha ngati Mpingo waletsa. Choncho mlamu akadwala n'kupempha yekha kuti wansembe amupempherere, khomo ndi lotsekula. Koma dalitso silikakamizidwa pa munthu amene sanalifune.

Tikabwerera pa benchi lathu

Zonsezi zikutibwezera ku Misa ya lero. Wansembe akati “Ambuye akhale nanu”, yankho ndi gawo lathu, ndipo palibe wina angatiyankhire. Kwaya ingatsogolere, koma si mwini wake wa yankholo. Ambiri timaphonya malonje oyamba chifukwa tafika mochedwa, ndipo timaphonya omaliza chifukwa tatuluka msanga kuthamangira minibasi. Munthu wotero walowa m'nyumba osalonjeredwa, n'kutuluka osatsazikidwa. Kwathu timadziwa m'mene mlendo wotere amaonekera.

Wansembe amene waima pa guwa ndi munthu wofooka ngati ife. Nthawi zonse pamene watifunira Ambuye, amadikira kuti ife timufunirenso Ambuye omwewo asanapitirize. Tikangong'ung'udza kapena kukhala chete, tamusiya yekha pa ntchito imene sangaithe yekha. Lero tiyankhe momveka, tikudziwa amene tikumupempherera.

Zokambirana m'malimana sabata ino

Tiwerenge Rute 2:1-7 ndi Luka 10:1-9, kenako tikambirane. M'limana lathu, wotsogolera amatsegula ndi kutseka mapemphero ndi mawu otani, ndipo alipo amene tiyenera kuwasintha? Ndi makolo angati pakati pathu amene amadalitsa ana awo pogona kapena ponyamuka ulendo? Pomaliza, aliyense aganize za munthu mmodzi wa chipembedzo china amene amakumana naye tsiku ndi tsiku: akatilonjera, timamuyankha chiyani?